Joni Yagulitsa, Limbe Yagula: Nanga Gulupu Yapindula Zingati?

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Joni timagwira ntchito m'makampani okhala ndi phazi lina kumudzi. Ena ali m'maofesi akuluakulu a ku Sandton ndi Rosebank, ena anatsegula okha kampani yogula katundu kuno n'kukhazikitsa ina yogulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Onsewa chaka chikamatha amakumana ndi funso limodzi lochokera kwa mabanki, eni masheya ndi ofufuza mabuku: makampani anu onsewa, tikawatenga ngati kampani imodzi, apindula zingati? Yankho lake silipezeka pongowonkhetsa mabuku a kuno ndi a kumudzi. Wowonkhetsa chabe amapeza nambala yaikulu kuposa yoona, chifukwa malonda amene makampaniwo anachita okhaokha amawerengedwa kawiri.

Lamulo loyendetsa ntchitoyi ndi IFRS 10, limodzi mwa malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a zachuma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013. Limati kampani imene ikulamulira ina iyenera kutulutsa mabuku ophatikiza, osonyeza gulupu yonse ngati kampani imodzi. Kulamulira nthawi zambiri kumabwera ndi masheya opitirira theka, ngakhale chimene lamulo limayang'ana kwenikweni ndi mphamvu yotsogolera ntchito zimene zimabweretsa phindu. Chitsanzo chodziwika ndi Standard Bank. Likulu la gulupu lili kuno ku Johannesburg, pamene banki ya ku Malawi ndi kampani payokha, ili pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ili ndi eni masheya ena achimalawi, imalemba mabuku ake m'makwacha ndipo msonkho imakhoma ku MRA. Komabe manambala ake amalowa m'mabuku a gulupu, m'marandi.

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyerekeze gulupu yaing'ono. Kampani yaikulu ili ku Joni, ndipo ili ndi masheya 80 pa 100 alionse m'kampani ya ku Limbe yogulitsa mapampu a madzi oyendera dzuwa. Masheya 20 otsalawo ndi a mnzawo wa bizinesi wa konko. Chaka cha mabuku onse awiri chimatha pa 31 Disembala. Mitengo ndi manambala onse ndawazungulitsa dala kuti masamu asatisokoneze, ndipo za mayendedwe ndi msonkho wa pabodala ndaziika kaye pambali.

Kampani ya ku Joni yagula mapampu 100 pa R8,000 imodzi, zonse R800,000. Yawagulitsa ku Limbe pa R10,000 imodzi, invoisi ya R1,000,000, pangongole. Tsiku limenelo randi imodzi ikusinthidwa pa K60, choncho a ku Limbe alemba katundu wa K60,000,000 ndi ngongole ya K60,000,000. M'miyezi yotsatira agulitsa mapampu 75 kwa alimi ndi mabungwe pa K840,000 imodzi, n'kupeza K63,000,000, zimene pa K60 ndi R1,050,000. Mapampu 25 atsala m'sitolo.

Wowonkhetsa chabe anena kuti gulupu yagulitsa katundu wa R2,050,000, ndiye kuti miliyoni ya ku Joni kuphatikiza R1,050,000 ya ku Limbe. Koma mapampu analipo 100 okha, ndipo amene afika m'manja mwa anthu akunja ndi 75. Kutapa chimanga m'nkhokwe n'kuchithira m'matumba si kukolola kachiwiri. Ndalama imene yalowa m'gulupu kuchokera kunja ndi R1,050,000 basi, ndipo mapampu 75 amenewo gulupu inawagula pa R8,000 imodzi, osati R10,000. Mtengo wake weniweni ndi R600,000, phindu lenileni R450,000.

Tsopano onani zimene mabuku awiriwo akunena paokha. Joni ikuti yapindula R200,000. Limbe ikuti yapindula R300,000, popeza pampu iliyonse inaigula R10,000 n'kuigulitsa pa ndalama yofanana ndi R14,000. Zonse pamodzi R500,000. Pali R50,000 yapamwamba, ndipo ili m'mapampu 25 aja: iliyonse yanyamula R2,000 imene Joni inadzilembera kale ngati phindu, chonsecho pampuyo idakali m'katoni m'sitolo ya gulupu yomweyo. Palibe mlimi amene waigula. Ikhoza kubedwa, ikhoza kuwonongeka, ikhoza kutsika mtengo.

Pa tsamba lophatikizira mabuku, kukonza kwake kumaoneka chonchi:

```
                     Kuwonkhetsa   Kuchotsa     Gulupu
Zogulitsa            2,050,000     1,000,000    1,050,000
Mtengo wa zogulitsa  1,550,000       950,000      600,000
Phindu                 500,000        50,000      450,000
```

R50,000 yomweyo imachotsedwanso pa mtengo wa katundu wotsala, kuti mapampu 25 aoneke pa mtengo umene gulupu inagulira. Zochotsa zimenezi sizilowa m'mabuku a Joni kapena a Limbe. Mabuku a kampani iliyonse amakhala momwe alili, chifukwa pamaso pa malamulo a dziko lake malondawo anachitikadi. Zimakhala pa tsamba la gulupu lokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa chaka chotsatira. Mapampu 25 aja akagulitsidwa m'Febuluwale, R50,000 ija imasanduka phindu lenileni la chaka chatsopanocho, ndipo iyenera kubwezeredwa. Popeza sinalembedwe m'mabuku a kampani iliyonse, palibe makina amene angaikumbukire okha pokhapokha wina ataisunga. Chizindikiro chakuti yaiwalika n'chosavuta kuona: phindu losungidwa limene mabuku a chaka chino ayambira silikufanana ndi limene mabuku a chaka chatha anatsekera, ndipo kusiyana kwake ndi ndalama ija ndendende.

Ngongole nayo imachotsedwa. Joni ikuti Limbe ili nayo ngongole, Limbe ikuvomera, ndipo gulupu singakhale ndi ngongole kwa iyo yokha. Papepala n'zophweka. Koma amene anakhalapo mu ofesi ya zachuma sabata yachiwiri ya Januwale akudziwa kuti manambala awiriwa kawirikawiri safanana. Joni ikuonetsa R1,200,000, Limbe ikuonetsa R1,000,000. Foni imalira.

"Achimwene, kwanuko mwalemba miliyoni imodzi yokha. Nanga invoisi ya pa 28 Disembala ili kuti?"

"Pepani achemwali, imeneyo kuno sitinaione. Katundu wake sanafike. Dalaivala akuti adakali pamzere ku Nyamapanda."

Onse awiri akunena zoona. Thiraki yochoka ku Joni imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza, ndipo nyengo ya Khirisimasi mizere ya pabodala imatalika. Joni inalemba malonda tsiku limene mapampu ena 20 anakwezedwa, pamene Limbe imalemba katundu akatsitsidwa n'kuwerengedwa. Kwa gulupu, mapampu 20 amenewo ndi katundu wake amene ali panjira. Malonda a R200,000 amachotsedwa onse, phindu la R40,000 limene lili m'menemo limachotsedwa, ndipo katunduyo amaoneka pa R160,000. Funso lakuti pa 31 Disembala katunduyo anali wa kampani iti limayankhidwa ndi pangano lawo la malonda, ngati umwini umasintha pokweza ku Joni kapena potsitsa ku Limbe. Gulupu zambiri zazing'ono zilibe pangano lolembedwa loterolo, poganiza kuti pachibale safuna mapepala, ndipo mkangano womwewu umabwera chaka ndi chaka.

Pofufuza kusiyana kotere, yerekezani manambala m'ndalama imene invoisi inalembedwera, pano marandi, musanasinthe chilichonse. Mukayerekeza mutasintha kale, zolakwika za mtengo wosinthira zimasakanikirana ndi za mainvoisi, ndipo simungadziwe chimene mukusaka. Kusiyana kukafanana ndendende ndi invoisi imodzi kapena malipiro amodzi, vuto ndi la nthawi: katundu kapena ndalama zili panjira. Kukakhala kochepa, marandi mazana angapo, kawirikawiri ndi ndalama imene mabanki anadula potumiza. Kukakhala gawo lozungulira bwino la invoisi ya ntchito, monga ya uphungu umene likulu limalipiritsa, yang'anani msonkho umene Limbe inadula isanatumize n'kukapereka ku MRA, pamene Joni ikudikirabe ndalama yonse. Chimene sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe ndi chizolowezi chokankhira kusiyanako mu akaunti yongosungira kuti tsamba litsekeke. Chaka chamawa kumakhala kutakula, ndipo amene ankadziwa chiyambi chake amakhala atachoka ntchito.

Tisiye mapampu 20 a panjirawo, tibwerere ku miliyoni yoyamba ija, chifukwa mbali yovuta kwambiri ya nkhaniyi ili pamenepo.

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha kamodzin'kamodzi, dola imodzi kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Mu Meyi 2022 inali itatsitsidwanso ndi 25 pa 100. Tiike chochitika chotere m'chitsanzo chathu: mapampu 75 atagulitsidwa kale, randi ikuchoka pa K60 kufika pa K90, ndipo ikukhala pomwepo mpaka chaka kutha. Limbe sinalipirebe ngongole ija. Makwacha ali nawo, K63,000,000 ili ku banki, koma pempho lawo logula marandi lili pamzere chifukwa ndalama zakunja zikusowa. Aliyense amene anayesapo kulipira katundu wochokera kunja m'zaka zimenezi akudziwa kudikira kumeneku.

Lamulo la IAS 21 limati ngongole ya ndalama yakunja iwerengedwenso pa mtengo wa tsiku lotsekera mabuku. Ngongole ya R1,000,000 imene inalembedwa K60,000,000 tsopano ndi K90,000,000. Limbe yaluza K30,000,000, ndipo ikulemba kuluzako m'mabuku ake. Ku Joni kulibe chasintha: anali kudikira miliyoni ya marandi, akudikirabe miliyoni yomweyo. Pophatikiza, K90,000,000 igawidwa ndi 90, ipereka R1,000,000, ifanana ndi ya ku Joni, zonse ziwiri zichotsedwa bwinobwino.

Apa bwana wa kampani amafunsa funso lomveka ndithu: "Ngati ngongoleyo mwaifafaniza chifukwa ndi ya ife tokha, bwanji kuluza kwake mwakusiya?"

Kuluzako kumatsala m'phindu la gulupu, ndipo lamulo limanena zimenezi mosabisa. Chifukwa chake chili ku banki ya ku Limbe. Ngongole ija ndi lonjezo lakuti tsiku lina makwacha adzasinthidwa kukhala marandi, ndipo wosinthayo ndi banki, munthu wakunja kwa gulupu. K63,000,000 imene inali yokwanira kugula R1,050,000, kubweza ngongole yonse n'kutsalako, lero ikugula R700,000 yokha. Ngongole ya pakati pawo ingafafanizidwe papepala, koma makwacha amene afookawo ndi a gulupu, ndipo kufooka kwake n'kwenikweni.

Ena amaganiza kuti mankhwala ake n'kulemba invoisi m'makwacha. Tiyeni tione. Limbe ikanakhala ndi ngongole ya K60,000,000 yosasintha, osaluza kanthu. Koma Joni ikanakhala ikudikira K60,000,000, imene inali miliyoni ya marandi ndipo tsopano ndi R666,667. Kuluza kwa R333,333 kukanangosamukira m'mabuku a kuno. Chimene chimasintha ndi amene akusenza. Invoisi ikakhala ya marandi, kuluza kuli m'mabuku a Limbe, ndipo mnzawo wa masheya 20 uja asenzako gawo lake, K6,000,000. Ikakhala ya makwacha, eni kampani ya ku Joni asenza okha. Choncho ndalama yolembera invoisi si nkhani ya akalaliki. Ndi nkhani yoti eni masheya a mbali zonse akhalirane pansi asanayambe malonda.

Pamenepa ndinenepo za gawo la mnzawoyo. Ngakhale Joni ili ndi masheya 80 okha, mabuku ophatikiza amatenga katundu, ngongole ndi malonda a Limbe onse athunthu, kenako n'kusonyeza pamzere wakewake gawo la phindu ndi la chuma limene ndi la eni masheya ochepawo. Malonda a pakati pawo nawo amachotsedwa athunthu, osati 80 pa 100.

K30,000,000 ija ilowe m'mabuku a gulupu ngati marandi angati? Posintha mabuku a Limbe kukhala marandi, katundu ndi ngongole zimatenga mtengo wa tsiku lotsekera, pamene zolowa ndi zotuluka zimatenga mtengo wa tsiku limene zinachitika. Pofuna kuchepetsa ntchito, lamulo limalola kugwiritsa ntchito mtengo wapakatikati wa nyengoyo, koma limachenjeza kuti mitengo ikadumpha kwambiri wapakatikatiwo suyenera. Chaka chimene kwacha yagwa mu Novembala, mtengo wapakatikati wa chaka chonse ungakhale pafupi ndi K65. Mukagawa K30,000,000 ndi 65 mupeza R461,538. Mukagawa ndi 90, mtengo umene unalipo pamene kuluzako kunachitika, mupeza R333,333. Kusiyana kwa R128,205 kwabadwa chifukwa cha kabokosi kamodzi ka pa kompyuta kamene palibe anakasintha. M'chaka chotere ndi bwino kugawa chaka pawiri, isanagwe ndi itagwa, kapena kusintha mwezi ndi mwezi.

Palinso kusiyana kwa mtundu wina kumene sikudutsa m'phindu. Chuma chonse cha Limbe, mashelefu, galimoto, mapampu 25 aja, m'makwacha sichinasinthe, koma m'marandi chachepa. Mapampu otsalawo ali pa K15,000,000 m'mabuku a Limbe, imene inali R250,000 ndipo pa K90 ndi R166,667. Kuchepa kotere kumasungidwa m'thumba lapadera pansi pa chuma cha eni kampani, ndipo kumadzalowa m'phindu tsiku limene gulupu idzagulitse kampani ya ku Limbe kapena kusiya kuilamulira. Phindu la R50,000 lija la mapampu osagulitsidwa nalo, limene linali K3,000,000 m'kati mwa K15,000,000, likachotsedwa pa katundu liyenera kutsatira mtengo umene katunduyo wasinthidwira, kuti musachotse zambiri kuposa zimene zilimo. Ofufuza mabuku amafuna kuona kuti gulupu ili ndi njira imodzi yochitira zimenezi ndipo ikuitsata chaka chilichonse.

Thumba lapaderali limakopa. Bwana akamva kuti kuluza kwina kumatha kulowa m'menemo osakhudza phindu, amafuna kuti K30,000,000 ija ipite komweko. Khomo lilipo, koma ndi lopapatiza. Ngongole imene kampani yaikulu yapereka kwa yaing'ono, yopanda dongosolo loibweza komanso yosayembekezeka kubwezedwa posachedwa, imatengedwa ngati gawo la ndalama zimene eni ake anaika m'kampaniyo, ndipo m'mabuku a gulupu kusintha kwake kumapita m'thumba lija. Koma lamulo limapatula ngongole za malonda wamba. Invoisi ya mapampu yoti ilipidwe pakatha masiku 60 sisanduka ndalama yokhazikitsira kampani chifukwa choti banki yachedwa kupereka marandi. Eni ake akagwirizana kuisandutsa ngongole yokhalitsa, ndi mapepala ake ndi chilolezo chimene malamulo a ndalama zakunja amafuna, zimayamba kugwira ntchito kuyambira tsiku limenelo kupita m'tsogolo. Kuluza kumene kunachitika kale kumakhala pomwe kuli.

Kuyambira pa 1 Januwale 2025, IAS 21 ilinso ndi ndime zokhudza ndalama imene ikuvuta kuisintha. Kampani iyenera kudzifunsa ngati ingathedi kupeza ndalama yakunjayo, pa cholinga chimene ikuifunira, m'nthawi yoyenera komanso kudzera m'njira yovomerezeka. Ngati singathe, iyenera kuyerekeza mtengo umene ukanakhalapo pa malonda abwinobwino, n'kufotokoza m'mabuku momwe yaupezera. Kwa gulupu yokhala ndi kampani ku Malawi funsoli si lamasewera, popeza mtengo wolembedwa pa bolodi ya banki ndi umene munthu amapezera ndalamayo akhala akutalikirana. Mtengo umene mwasankha umasintha nambala iliyonse ya Limbe imene yalowa m'mabuku a gulupu.

Chatsala ndi msonkho, umene sudziwa za kuphatikiza. SARS imaona kampani ya ku Joni yokha, ndipo imatenga 27 pa 100 pa phindu lonse la R200,000, kuphatikizapo R50,000 imene gulupu yachotsa. MRA imaona ya ku Limbe yokha, ndipo mapampu 25 aja akadzagulitsidwa idzalola kuchotsera mtengo wa pa invoisi, wa R10,000 imodzi. Choncho gulupu ili ndi mpumulo wa msonkho umene ukubwera m'tsogolo, ndipo IAS 12 imati ulembedwe ngati chuma, powerengera mlingo wa dziko la wogula. Ku Malawi makampani ambiri amakhoma 30 pa 100, ndiye pa K3,000,000 ija mpumulowo ndi K900,000. Wogwiritsa ntchito 27 wa kuno walakwitsa, ngakhale msonkho unalipidwadi kuno.

Ndipo R10,000 ija inachokera kuti? M'mabuku a gulupu ilibe ntchito, imafafanizika kaya ikhale R9,000 kaya R13,000. Koma kwa otolera msonkho ndiyo imagamula dziko limene phindu likhomeredwe. Ukakwera, phindu limasamukira ku Joni ndipo MRA imafunsa mafunso. Ukatsika, limasamukira ku Limbe ndipo SARS, pogwiritsa ntchito gawo 31 la lamulo la msonkho wa kuno, ikhoza kuwerengera msonkho pa mtengo umene anthu osadziwana akanagulitsirana. Mbali zonse ziwiri zimafuna umboni wolembedwa wa momwe mtengowo unapezekera, monga mitengo imene Joni imagulitsira mapampu omwewo kwa makasitomala ena. Pa katundu amene amalipira msonkho wa pabodala, a kasitomu ku Mwanza amayambira pa mtengo wa pa invoisi yomweyo, ndipo ndalama imene yalipidwa pamenepo yatuluka m'gulupu kupita ku boma. Imeneyo sichotsedwa pophatikiza. Imawonjezedwa pa mtengo wa katunduyo, kotero kuti randi iliyonse imene Joni yaika pamwamba pa invoisi imakweza ndalama imene gulupu yonse ikulipira pabodala, ngakhale phindu la randiyo lidzafafanizidwe pa tsamba la ku Joni.